Mayi wa Zitenje ndi Mlandu wa Kuba: Mafunso ndi Mayankho

Nkhani ili m'munsiyi ndi yopeka, koma malamulo amene akutchulidwamo ndi enieni a dziko la Malawi. Mafunso otsatirawo ndi omwe amalonda a m'misika amafunsa kawirikawiri akamva nkhani ngati imeneyi, makamaka amene anaonapo mnzawo akutengedwa ndi apolisi.

Kodi nkhani ya mayi wa zitenje ikuti chiyani?

Pa msika wina wa m'tauni panali mayi wogulitsa zitenje. Benchi lake linayandikana ndi la bambo wina amene ankapikulitsa zitenje kwa anthu ochokera m'midzi. Dzuwa likalowa, amalonda onse a mzere umenewo ankasunga katundu wawo m'chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Makiyi a chipindacho analipo atatu: wina anali ndi mlonda, wina ndi wapampando wa mzerewo, wina ndi mnyamata amene ankathandiza bambo uja pa benchi. Mayiyo analibe kiyi.

Lolemba m'mawa bamboyo atamasula mtolo wake anapeza zitenje 20 palibe, koma loko wa chipinda ali bwinobwino. Atayang'ana pa benchi la mayiyo anaonapo zitenje 6 za maluwa ofanana ndi zomwe zinasowazo.

"Mayi, izi mwazitenga kuti?"

"Ndinakaoda Lachisanu ku shopu ya m'tauni, achimwene. Kwagwanji?"

"Ndioneni lisiti."

Mayi anapisa m'chikwama, anamasula mfundo ya chitenje, lisiti osaoneka. Bamboyo anakuwa kuti wagwira wakuba, ndipo anthu anadzadza mwakanthawi. Ena ankati amenyedwe, ena ankati anamuganizira kale chifukwa malonda ake anali kuyenda kwambiri. Wapampando ataona kuti zinthu ziipa anamugwira dzanja n'kupita naye ku polisi pamodzi ndi zitenje 6 zija.

Kumeneko wina anamuuza kuti, "Ingovomerani mayi, mubweze katundu wa eni, nkhani ithere pompano." Iye anayankha kuti, "Bwana, sindingavomere chinthu chimene sindinachite." Anagona m'chitokosi usiku umodzi. Lachiwiri anamutengera ku khoti la majisitireti, anamuwerengera mlandu wa kuba, iye n'kuukana. Khoti linamupatsa belo achibale ake awiri atamuimira.

Tsiku lozenga mlandu, boma linaitana mboni zitatu. Woyamba anali mwini katundu. Mayiyo analibe loya, choncho itakwana nthawi yofunsa mboni anafunsa yekha.

"Achimwene, pa zitenjezi pali chizindikiro chanu?"

"Palibe, koma maluwa ake ndi omwewo."

"Pamsika pathu paja maluwa amenewa timagulitsa ndife angati?"

Bamboyo anakhala kaye chete, kenako anati, "Alipo angapo."

Wachiwiri anali mlonda. Iye anati Lamulungu madzulo, kutada, anaona mayi akuchokera cha ku chipinda chija atasenza thumba, ndipo mayiyo ndi yemweyu. Pofunsidwa anavomera kuti magetsi anali atazima, kuti iye anali pa geti mbali ina ya msika, kuti munthuyo anamuonera kumbuyo, ndiponso kuti sanauze aliyense mpaka Lolemba phokoso litabuka. Wachitatu anali wapolisi wofufuza, amene anavomera kuti ku shopu ya m'tauni ija sanapiteko, ndipo mwa anthu atatu osunga makiyi, amene anamufunsa ndi mlonda yekha.

Boma litatseka umboni wake, a majisitireti anati mayiyo ali ndi mlandu woti ayankhe. Iye analumbira n'kufotokoza kuti anaoda zitenje 10 Lachisanu, zinayi zinagulidwa Loweruka, lisiti analitaya, ndipo Lamulungu madzulo anali kunyumba ndi ana. Woimira boma anamufunsa kuti, "Ngati si inuyo, anaba ndani?" Iye anati, "Sindikudziwa, bwana."

Popereka chigamulo a majisitireti anati boma latsimikiza kuti zitenje zinasowadi, koma silinatsimikize kuti zomwe zinapezeka pa benchi la mayiyo ndi zomwezo, kapena kuti iye ndi amene analowa m'chipindamo. Anamupeza wosalakwa, n'kulamula kuti zitenje 6 zija zibwezedwe kwa iye. Amene anaba zitenje 20 sanadziwike.

Kodi kunena kuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa kwalembedwa pati?

Kwalembedwa m'malamulo aakulu oyendetsera dziko lino a chaka cha 1994, m'gawo 42, limene limafotokoza za ufulu wa munthu womangidwa ndi wozengedwa mlandu. Ndime 42(2)(f)(iii) ikuti wozengedwa mlandu ali ndi ufulu woonedwa ngati wosalakwa, wokhala chete pamene akufunsidwa ngati akuvomera mlandu kapena pamene mlandu ukuzengedwa, komanso wosapereka umboni ngati sakufuna.

Tanthauzo lake pa nkhani yathu ndi lakuti pamene mayi wa zitenje ankalowa m'khoti, lamulo linkamuona chimodzimodzi ndi munthu wina aliyense amene anakhala pa mabenchi a omvera. Kukuwiridwa pa msika, kulembedwa m'buku la polisi ndi kugona m'chitokosi sizinachotse kalikonse pa kusalakwa kwake. Chimene chikanachotsa ndi chigamulo cha khoti chokha, chobwera pambuyo pa kumva umboni.

Ndiye amene ayenera kubweretsa umboni ndani?

Ndi boma. Lamulo la kazengedwe ka milandu ya upandu ndi umboni, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, m'gawo 187 likuti amene akufuna kuti khoti likhulupirire chinthu ndiye ayenera kuchitsimikiza, ndipo likupitiriza kunena kuti udindo wotsimikiza kuti wozengedwa mlandu ndi wolakwa uli pa oimira boma, pokhapokha ngati lamulo lina lanena mosiyana mosapsatira. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene wabwera ndi mawu akuti "uyu waba" ndi amene ayenera kudzuka kukasaka umboni.

Pa msika zinthu zinayenda mozondoka. Bambo uja anati "ndioneni lisiti," ndipo lisiti litasowa, khamu linagamula. Funso la khamulo linali lakuti, kodi mayiyu waonetsa kuti sanabe? Funso la khoti ndi lina: kodi boma laonetsa kuti mayiyu anaba? Mafunso awiriwa amamveka ngati amodzi, koma amatulutsa zigamulo zosiyana pa umboni womwewo. N'chifukwa chake yankho la mayiyo lakuti "sindikudziwa" silinamupweteke. Kupeza wakuba sinali ntchito yake.

Mfundo imeneyi makhoti athu anaitenga ku malamulo a ku Mangalande, ndipo mpaka lero oweruza a kuno amatchula mlandu wa Woolmington wa chaka cha 1935. Munthu ameneyu anawombera mkazi wake n'kunena kuti mfuti inalira mwangozi. Woweruza woyamba anati popeza kuwomberako sakukana, iye ndiye aonetse kuti inali ngozi. Bwalo lalikulu koposa la dzikolo linakana maganizo amenewo ndi kufafaniza chigamulocho, ponena kuti kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto a mlandu, boma ndi limene liyenera kutsimikiza kulakwa kwa munthu. Ngati zili choncho pa mlandu wa imfa, pa mlandu wa zitenje sizingasinthe.

Pa mlandu wa kuba, boma liyenera kutsimikiza zinthu ziti?

Lamulo la milandu ndi zilango, lotchedwa Penal Code, limafotokoza kuba m'gawo 271, ndipo gawo 278 likuti kuba wamba chilango chake chingafike zaka 5 m'ndende. Kuti munthu apezeke wolakwa, boma liyenera kuonetsa kuti panali katundu wa munthu wina, kuti katunduyo anatengedwa, kuti amene anatenga ndi wozengedwa mlanduyo, ndiponso kuti anatenga mwachinyengo, asakukhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu pa katunduyo. Zonsezi ziyenera kukwanira pamodzi. Imodzi ikagwa, mlandu wonse wagwa.

Pa nkhani yathu, zoti bamboyo anali ndi zitenje ndipo 20 zinasowa, a majisitireti anazikhulupirira. Palibe amene ananena kuti bamboyo akunama. Pamene mlandu unathyokera ndi pa mfundo yachitatu. Boma linayesa kumangiriza mayiyo ku kubako ndi zingwe ziwiri, zitenje za pa benchi ndi maso a mlonda, ndipo zonse ziwiri zinaduka pofunsidwa. Pamwamba pa izo panali loko wosathyoledwa. Wolowa m'chipindamo analowa ndi kiyi, mayiyo analibe kiyi, ndipo boma silinafotokoze kuti iye akanalowa bwanji.

Umboniwo uyenera kufika pati kuti munthu apezeke wolakwa?

Uyenera kufika poti woweruza asatsale ndi chikayiko chomveka. Izi sizitanthauza kuti boma lichotse ngakhale maganizo opanda mutu, monga akuti mwina zitenje zinauluka ndi mphepo m'chipinda chotseka. Chikayiko chomveka ndi chimene munthu wanzeru angachifotokoze ndi chifukwa chochokera mu umboni womwewo kapena m'kusowa kwake.

A majisitireti a m'nkhaniyi akanatha kutchula zifukwa zawo mmodzimmodzi. Maluwa a zitenjezo amapezeka pa mabenchi angapo. Zinasowa 20 koma zinapezeka 6, ndipo palibe amene anafotokoza za 14 zinazo. Anthu atatu anali ndi makiyi, awiri sanafunsidwe n'komwe. Shopu imene mayiyo anatchula tsiku lomwe anamangidwa inali pafupi, koma palibe anapitako. Woweruza angathe kumuganizira ndithu munthu mumtima mwake, angathenso kuona kuti mwina anabadi, koma "mwina" sakwanira kutsekera munthu m'ndende. Ngakhale "n'kutheka kwambiri" sakwanira pa mlandu wa upandu.

Zofunikanso kudziwa n'zakuti khoti siliyenera kukhulupirira nkhani ya wozengedwa mlandu kuti limumasule. Limangodzifunsa ngati nkhaniyo ingathe kukhala yoona. Kuoda zitenje 10 Lachisanu, kugulitsa zinayi Loweruka ndi kutaya lisiti ndi zinthu zochitika tsiku lililonse pa msika, ndipo boma silinabweretse chilichonse chotsutsa.

Koma mayiyo analibe lisiti. Kodi kupezeka ndi katundu wopanda lisiti si umboni wa kuba?

Ayi. Funso ili limabwera kwambiri, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala chifukwa pali mbali ina imene amalonda ayenera kuidziwa.

Makhoti ali ndi mfundo yakuti munthu akapezeka ndi katundu wobedwa patangopita nthawi yochepa chibedwere, ndipo sakupereka kufotokoza komveka, khoti lingathe kuona kuti iye ndi amene anaba kapena analandira katunduyo akudziwa kuti ndi wakuba. Koma mfundoyi imayamba kugwira ntchito boma likatsimikiza kaye kuti katundu wapezekayo ndi yemwe anabedwa. Foni ili ndi nambala yakeyake, njinga ili ndi nambala pa chitsulo, mbuzi mwini wake angathe kutchula chilema chake asanaione. Chitenje chochokera ku fakitale chilibe zimenezo, pokhapokha mwini ataikapo chizindikiro. Bamboyo atavomera kuti chizindikiro palibe, mfundo imeneyi inalibenso poyambira.

Tiyerekeze kuti bamboyo ankalemba zilembo za dzina lake ndi bolopeni m'mphepete mwa chitenje chilichonse, ndipo zilembozo zapezeka pa zitenje 6 zija. Pamenepo zinthu zikanamuvuta mayiyo. Nkhani ya shopu ya m'tauni sikanamveka, ndipo khoti likanatha kumupeza wolakwa pa kuba, kapena pa kulandira katundu wobedwa, umene ndi mlandu wa gawo 328. Ngakhale pamenepo udindo wotsimikiza mlandu ukanakhalabe wa boma. Kusiyana kwake n'kwakuti umboni wa boma ukanakhala wolimba moti popanda yankho lomveka chikayiko sichikanatsala.

Palinso gawo 329 la lamulo lomwelo, lokhudza munthu wopezeka ndi katundu amene pali chifukwa chomveka chomuganizira kuti ndi wobedwa. Pa mlandu umenewo lamulo limafuna kuti munthuyo afotokozere khoti mokhutiritsa mmene anapezera katunduyo. Awa ndi amodzi mwa malo ochepa pamene lamulo limaika mtolo wina pa wozengedwa mlandu, ndipo amakhudza kwambiri ogula mafoni, mabatire ndi zipangizo kwa anthu ongodutsa. Choncho lisiti kapena kabuku kolembamo tsiku, malo ndi kuchuluka kwa katundu amene mwaoda n'kothandiza kwambiri. Kusowa kwake sikusandutsa munthu wakuba, koma kukhalapo kwake kukanatha kumupulumutsa mayiyu ku usiku wa m'chitokosi.

Mlonda analumbira kuti anamuona. Chifukwa chiyani khoti silinamukhulupirire?

Khoti silinanene kuti mlondayo ndi wabodza. Vuto la umboni wa "ndinamuona" ndi lakuti munthu woona mtima angathe kulakwitsa, ndipo wolakwitsa moona mtima amalankhula motsimikiza kuposa wabodza. N'chifukwa chake oweruza amadzichenjeza okha mlandu ukatsamira pa kuzindikira nkhope, ndipo amafunsa mmene kuonako kunachitikira: kunali kuwala kotani, mboni inali patali bwanji, inayang'ana nthawi yaitali bwanji, panali chotchinga kapena ayi, munthuyo inkamudziwa kale kapena ayi, ndiponso inayamba liti kutchula dzina lake.

Mlonda wathu ankamudziwa mayiyo, ndipo zimenezo zinali kumbali ya boma. Zina zonse zinali zofooka. Kunali mdima, anali patali, anaona msana wa munthu wovala chitenje ngati amayi ena onse a pa msika. Choposa zonse, mlonda amene waona munthu akuchoka ku chipinda cha katundu usiku atasenza thumba amayenera kukuwa kapena kuuza wapampando nthawi yomweyo. Iye anakumbuka dzina Lolemba, khamu litalitchula kale. Khoti linayeneranso kukumbukira kuti mlondayo anali mmodzi wa osunga makiyi, ndipo mlandu ukagwera wina iye ankapepukidwa.

Zoti Lamulungu madzulo anali kunyumba, mayiyo sanabweretse mboni. Kukhala nayo kukanathandiza, koma lamulo silimukakamiza kutsimikiza kumene anali. Iye akangotchula, boma ndi limene liyenera kuonetsa kuti sizoona.

Ngati lamulo limamuona wosalakwa, anagoneranji m'chitokosi?

Chifukwa muyeso womangira munthu ndi wotsika kuposa muyeso womupezera wolakwa. Wapolisi angamange munthu ngati ali ndi chifukwa chomveka chomuganizira, ndipo dandaulo la mwini katundu pamodzi ndi zitenje zofanana zingakwanire pa muyeso umenewo. Kumangidwa kumangotsegula kufufuza.

Popeza womangidwayo akadali wosalakwa, gawo 42 lomwe lija limaika malire. Ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene amamva. Ayenera kuuzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Sayenera kukakamizidwa kuulula kapena kuvomera. Ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera nthawi imene khoti silikugwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, monga pamene pali umboni woti angathawe kapena kuopseza mboni. Apanso amene akufuna kuti munthu asungidwe ndiye ayenera kupereka zifukwa. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Munthu wosauka amene akufuna loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

A majisitireti atanena kuti ali ndi mlandu woyankha, si ndiye kuti anali atamupeza kale wolakwa?

Ayi, ngakhale ambiri amene alibe loya amataya mtima akamva mawu amenewa. Gawo 254 la lamulo la kazengedwe ka milandu limauza khoti kuti boma likamaliza umboni wake, liime kaye n'kuona ngati pali umboni wokwanira kuti wozengedwa mlandu afunsidwe mbali yake. Ngati palibe, munthuyo amamasulidwa pomwepo asanatsegule pakamwa. Ngati ulipo, mlandu umapitirira.

Pa nthawi imeneyo khoti silinayeze mokwanira kulemera kwa mboni iliyonse. Pa nkhani yathu panali munthu amene analumbira kuti anamuona mayiyo, choncho a majisitireti anaona kuti ndi bwino amve mbali zonse. Woweruza wina akanatha kuthetsa mlanduwo pomwepo poona mmene umboni wa mlonda unaphwasukira pofunsidwa. Chimene sichisintha n'chakuti pamapeto khoti limabwerera ku muyeso wa chikayiko chomveka umene tafotokoza pamwambapa, ndipo mtolo umakhala udakali pa boma.

Akanasankha kukhala chete, zikanamuthera bwanji?

Unali ufulu wake, ndipo kukhala chete pakokha si umboni wa kulakwa. Mipata imene inali mu umboni wa boma sikanatsekeka chifukwa choti iye sanalankhule. Komabe khoti limagamula pa zimene lamva. Pamene umboni wa boma uli wolimba ndipo pali chinthu chimene wozengedwa mlandu yekha ndiye angachifotokoze, kukhala chete kumasiya umboniwo uli chiimire. Mayi wa zitenje anali ndi nkhani yosavuta, imene anainena mofanana pa msika, ku polisi ndi m'khoti, ndipo kusasinthasintha kumeneko kunamuthandiza. Amene amadzipweteka ndi amene mantha amawapangitsa kupeka kankhani kena ku polisi, kenako n'kunena zoona m'khoti, chifukwa woimira boma amawawerengera sitetimenti yawo yoyamba ija.

Bwanji akanangovomera kuti nkhani ithe msanga?

Apa ndi pamene anthu ambiri osalakwa amagwera, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa amagwa ndi malangizo a anthu owafunira zabwino. Munthu akavomera mlandu m'khoti, boma silifunikanso kuitana mboni. Woimira boma amangowerenga mmene nkhani inayendera, wozengedwa mlandu n'kuvomereza kuti ndi momwemo, khoti n'kupita ku chilango. Mlonda sakanafunsidwa za magetsi, wapolisi sakanafunsidwa za makiyi. Mayiyo akanatuluka ndi mbiri ya kuba, ndipo mwina osatuluka n'komwe.

Kuvomera kwa ku polisi nakonso n'koopsa. Gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola kuti mawu ovomera amene munthu akuti ananena aperekedwe m'khoti ngakhale iye akuwakana, ngakhale kuti khoti silingawadalire pokhapokha litakhutira popanda chikayiko chomveka kuti anawanenadi ndipo zimene zili m'menemo n'zoona. Kuchotsa mawu amene mwasainira n'kovuta kuposa kukana kusaina. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunawerenge kapena kuwerengeredwa m'chilankhulo chimene mumamva. Ngati munamenyedwa kapena kuopsezedwa, uzani a majisitireti tsiku loyamba limene mwaonekera.

Chimodzimodzi kulipira pamaso pa komiti ya msika "kuti mtendere ubwere." Kuyanjanitsa anthu ndi ntchito yabwino, koma wosalakwa akalipira zitenje zimene sanatenge, msika wonse umamva kuti wavomera, ndipo nkhani ikadzafika ku khoti kulipirako kungatchulidwe.

Kodi lamulo limeneli silikuteteza akuba? Nanga bambo amene anaberedwayo?

Bamboyo analuzadi, ndipo kuwawidwa mtima kwake n'koyenera. N'zoonanso kuti pa muyeso wokwera chonchi akuba ena amapulumuka. Koma kumanga mayiyo sikukanabweza zitenje 20. Kukanangowonjezera munthu wachiwiri wovutika, wakuba weniweni n'kutsala pa msika pomwepo ndi kiyi wake.

Chimene chinamulepheretsa bamboyo kupeza chilungamo si lamulo la umboni, koma kufulumira. Dzina litangotchulidwa Lolemba m'mawa, aliyense analeka kufufuza. Loko wosathyoledwa ankaloza kwa osunga makiyi, koma palibe anatsata. Mtolo wa umboni ukakhala pa boma, umakakamiza wofufuza kupita ku shopu, kufunsa wapampando ndi mnyamata uja, ndi kusaka kumene zitenje 14 zinapita. Wodandaula angathandize pa zimenezi: aike chizindikiro pa katundu wake, alembe zimene walowetsa m'chipinda madzulo aliwonse, ndipo ku polisi anene zimene waona ndi maso ake mosiyanitsa ndi zimene akungoganiza. Kumenya woganiziridwa ndi mlandu pawokha, ndipo amene amenya amazengedwa ngakhale womenyedwayo atakhala kuti anabadi.

Mayiyo atamasulidwa, angasumire amene anamunamizira?

Angathe kusuma mlandu wofuna chipukuta misozi, koma kumasulidwa kokha sikumupatsa ndalama. Pa mlandu woterowo wodandaula ndi iyeyo, choncho lamulo lija lakuti wonena ndiye atsimikize limagwera pa iye. Muyeso wake ndi wotsikirapo kuposa wa milandu ya upandu: ayenera kuonetsa kuti zimene akunena n'zomwe zikuoneka zoona kuposa za mnzakeyo.

Akasuma kuti anazengedwa mlandu mwa nkhanza, ayenera kuonetsa kuti bamboyo ndi amene anayambitsa mlanduwo, kuti unathera mokomera iye, kuti panalibe chifukwa chomveka chomuganizira, ndiponso kuti bamboyo anachita ndi mtima woipa, monga kufuna kuchotsa wopikisana naye pa mzere. Ziwiri zomalizazo n'zovuta, chifukwa bamboyo anaberedwadi ndipo maluwa anali ofanana. Akasuma za kutsekeredwa popanda chifukwa, makhoti amasiyanitsa munthu amene wangokauza apolisi zimene zachitika, apolisiwo n'kusankha okha kumanga, ndi munthu amene walamula kuti uyu mumutsekere. Woyambayo kawirikawiri sapezeka ndi mlandu. Kukuwa pagulu kuti "wakuba" kungakhale mlandu woipitsa mbiri, ndipo pamenepo mayiyo angafunike anthu amene anamva mawuwo ndipo ali okonzeka kukawanena m'khoti.

Asanasankhe chilichonse, apemphe ku ofesi ya khoti pepala la chigamulo chake ndi kukalionetsa kwa loya, chifukwa zifukwa zimene a majisitireti analemba ndi zimene zidzaonetse ngati mlandu wa chipukuta misozi ungayende. Pepala lomwelo ndi limene angaonetse kwa wapampando ngati benchi lake linapatsidwa munthu wina pamene mlandu unali m'kati.